Mlembi Wamkulu wa ku Gaborone ndi Nkhondo ya Maina Achikazi m'Chifalansa

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2013, atsogoleri a maiko a bungwe la SADC anakumana ku Lilongwe ndipo anasankha Dokotala Stergomena Lawrence Tax wa ku Tanzania kukhala mlembi wamkulu wa bungweli. Iye analowa m'malo mwa Tomaz Augusto Salomão wa ku Mozambique, ndipo anali mayi woyamba kukhala pa mpando umenewu chiyambire bungweli ku Lusaka mu 1980. Pa msonkhano womwewo Joyce Banda analandira udindo wa wapampando wa SADC. Amene analengeza nkhaniyi m'Chichewa sanavutike ndi kanthu, pakuti mlembi ndi mlembi, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, ndipo wapampando ndi wapampando. Koma ku likulu la bungweli ku Gaborone, m'dziko la Botswana, kumene zikalata zimatuluka m'Chingerezi, m'Chipwitikizi ndi m'Chifalansa, omasulira a Chifalansa anali ndi chosankha. Kwa zaka zonse zam'mbuyomo udindowu unkalembedwa kuti le Secrétaire exécutif. Tsopano mwini mpando anali mayi, ndipo zikalata zinayamba kumutchula kuti la Secrétaire exécutive. Kusinthaku kumaoneka kochepa, koma kumbuyo kwake kuli mkangano umene eni chiyankhulocho analimbana nawo kwa zaka mazana atatu ndi theka, ndipo mu 2013 unali usanathe ngakhale ku Paris komwe.

Chifalansa chinafika ku Gaborone kudzera pa khomo la umembala. Pamene pangano lokhazikitsa SADC linkasainidwa ku Windhoek mu 1992, ziyankhulo zogwirira ntchito zinali Chingerezi ndi Chipwitikizi. Kenaka Mauritius analowa mu 1995, Congo ya ku Kinshasa ndi Seychelles analandiridwa mu 1997, Madagascar mu 2005, ndipo pambuyo pake Comoros. Kuyambira pamenepo kalata yochoka ku Gaborone kupita ku Kinshasa kapena ku Antananarivo inayenera kulembedwa m'chiyankhulo chimene sichilola kutchula munthu popanda kunena ngati ndi mwamuna kapena mkazi.

Apa mpamene pali kusiyana kwakukulu ndi Chichewa. Chichewa chimagawa maina m'magulu ambiri, monga la mu- ndi a-, la chi- ndi zi-, la ka- ndi ti-, ndipo mawu onse a m'chiganizo amatsata gulu la dzinalo. Ndi chifukwa chake pamanenedwa kuti chipatso chagwa koma zipatso zagwa. Chifalansa nachonso chili ndi mgwirizano wotere, koma magulu ake ndi awiri okha, lachimuna ndi lachikazi. Ngakhale tebulo ndi khasu zili m'limodzi mwa magulu awiriwa, ndipo pa zinthu zopanda moyo palibe amene amafunsa chifukwa. Pa anthu mpamene gulu limayenderana ndi munthu weniweniyo, ndipo wolemba sangathawe.

Chiganizo chimodzi chingaonetse kukula kwa ntchitoyi. M'Chichewa munthu angalembe kuti mlembi wamkulu anasankhidwa ku Lilongwe ndipo wafika ku Gaborone. Ponena za mwamuna, Chifalansa chimati: Le Secrétaire exécutif a été nommé à Lilongwe, il est arrivé à Gaborone. Ponena za mayi chimati: La Secrétaire exécutive a été nommée à Lilongwe, elle est arrivée à Gaborone. Malo asanu asintha. Kaliwu kotsogolera dzina kachoka pa le kufika pa la, mfotokozi wachoka pa exécutif kufika pa exécutive, mlowam'malo il wasanduka elle, ndipo aneni awiri aja alandira chilembo e kumapeto. Dzina lenilenilo, secrétaire, silinasinthe konse. Achewa a ku Tete ndi Anyanja a ku Niassa amazidziwa izi kudzera m'Chipwitikizi, chimene chinkatchula Luísa Diogo, mwana wa chigawo cha Tete, kuti Primeira-Ministra pamene anali nduna yaikulu kuyambira 2004 mpaka 2010. Pa nthawi yomweyo ku Falansa kunali anthu ophunzira kwambiri amene ankakana mawu ofanana nawo m'chiyankhulo chawo.

Chodabwitsa n'chakuti Chifalansa chakale sichinkasowa maina achikazi a ntchito. M'mabuku a msonkho a mzinda wa Paris a chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 muli akazi olembedwa ndi maina achikazi a ntchito zawo, kuphatikizapo miresse, kutanthauza mayi wochiritsa odwala. Liwu lakuti autrice, mayi wolemba mabuku, linkagwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Ngakhale bungwe la Académie française, limene Kadinala Richelieu analikhazikitsa mu 1635 kuti lisamalire chiyankhulo, m'mtanthauziramawu wake woyamba wa 1694 linavomereza kuti ambassadrice ndi mayi wotumidwa ngati kazembe, kuwonjezera pa tanthauzo lakuti mkazi wa kazembe.

Zinthu ziwiri zinachitika zimene zinafooketsa mainawa. Choyamba chinali cha akatswiri a malamulo a chiyankhulo. Claude Favre de Vaugelas, m'buku lake la 1647, anaphunzitsa kuti gulu lachimuna ndi lolemekezeka kuposa lachikazi, motero liyenera kupambana pamene awiriwa akumana m'chiganizo. Patapita zaka zoposa zana, mu 1767, Nicolas Beauzée ananena mosabisa kuti ulemu umenewu umachokera pa kupambana kwa mwamuna pa mkazi. Chachiwiri chinali cha moyo weniweni. Masukulu a ukachenjede, mabwalo a milandu ndi maudindo a boma zinali zotsekeka kwa akazi, choncho dzina lachikazi la udindo waukulu linalibe mwini. Dzina lopanda mwini linapatsidwa kwa mkazi wa mwini udindoyo. La présidente anali mkazi wa mkulu wa bwalo la milandu, la générale mkazi wa mkulu wa asilikali, la préfète mkazi wa bwanamkubwa, ndipo ambassadrice anatsala ndi tanthauzo lachiwiri lija lokha.

Mchewa sangavutike kumvetsa msampha umenewu, chifukwa chiyankhulo chake chili ndi wofanana nawo. M'mipingo yambiri ya ku Malawi ndi ku Zambia, mayi busa ndi mkazi wa m'busa, ngakhale iye sanadzozedwe. Tsono pamene mipingo ina inayamba kudzoza amayi, mayi wodzozedwa anali ndi chifukwa chomveka chofunira kutchedwa abusa basi, kuti asayesedwe wolowa m'dzina kudzera m'banja. Liwu lakuti mfumukazi nalonso limasenza matanthauzo awiri, mayi wolamulira ndi mkazi wa mfumu. Izi n'zimene zinagwera akazi oyamba a ku Falansa amene anakhala maloya, madokotala ndi akazembe. Ambiri a iwo anasankha okha dzina lachimuna. Anavutikira udindowo, ndipo sanafune dzina limene likanawachititsa kuoneka ngati akazi a eni ake. Motero kunabadwa kaitanidwe kosokoneza kakuti Madame le ministre, Madame le juge, Madame le directeur, kumene liwu loyamba limati mayi ndipo lachiwiri limati bambo.

Umboni woti vuto silinali m'malamulo a chiyankhulo uli pa mawu awiri, directrice ndi secrétaire. Liwu lakuti directrice silinasowepo. Mwana aliyense wa ku Falansa ankadziwa la directrice wa sukulu ya mkaka kapena ya pulaimale. Koma mayi yemweyo akakwezedwa kukayang'anira nthambi yaikulu ya unduna, ankasanduka Madame le directeur. Chimodzimodzinso la secrétaire anali mayi wotaipa makalata ndi kuyankha lamya, ndipo palibe amene ankaona chachilendo pa la ameneyo. Koma mayi akakhala secrétaire d'État, udindo wa m'gulu la nduna, la ankachoka ndipo le ankabwera. Wophika buledi, wogulitsa m'sitolo, namwino ndi wantchito wa m'nyumba onse anali ndi maina achikazi osatsutsidwa. Dzina lachikazi linkatha pamene malipiro ndi ulamuliro zikuyamba kukula. Ndi chifukwa chake la Secrétaire exécutive wa ku Gaborone ali ndi kulemera: ndi liwu lomwe lija la mayi wa pa makina otaipira, litakwera kufika pa mpando wapamwamba kwambiri wa likulu la bungwe la maiko.

Kusintha sikunayambire ku Paris. Kunayambira ku Québec, chigawo cha Canada choyankhula Chifalansa. Lise Payette atasankhidwa kukhala nduna mu 1976 anafuna kutchedwa la ministre, ndipo mu 1979 ofesi ya boma yoona za chiyankhulo m'chigawocho inalangiza kuti maina achikazi agwiritsidwe ntchito paliponse pamene n'kotheka. Anthu a ku Québec anafalitsanso maina otha ndi -eure, monga professeure ndi ingénieure, pa mawu amene analibe mnzake wachikazi wozolowereka. Chigawo cha Geneva ku Switzerland chinatsatira mu 1988, ndipo Abelijiyamu oyankhula Chifalansa anakhazikitsa lamulo lawo mu 1993.

Ku Falansa kwenikweni njira inali yaminga. Mu 1984 Yvette Roudy, nduna yoona za ufulu wa amayi, anakhazikitsa komiti yoti ipereke maina achikazi a ntchito, ndipo anaika wolemba mabuku Benoîte Groult kukhala wapampando wake. Bungwe la Académie française silinadikire kuti komitiyo imalize ntchito. M'chaka chomwecho linatulutsa chikalata chokonzedwa ndi akatswiri awiri otchuka, Georges Dumézil ndi Claude Lévi-Strauss, chotsutsa ntchito yonseyo. Mfundo yawo ndi yoyenera kuimva bwino, chifukwa si yopanda nzeru. Iwo ankati gulu lotchedwa lachimuna silisonyeza mwamuna yekha koma limakwanira anthu onse, pomwe lachikazi ndi limene limapatula. Choncho, m'maganizo awo, kupatsa mayi dzina lakelake kunali kumuika pambali, pamene dzina lachimuna linkamuika pa mzere umodzi ndi amuna. Otsutsana nawo ankayankha kuti ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani mfundoyi sinkagwira ntchito pa namwino ndi wophika, koma pa nduna ndi woweruza pokha. Ankaonetsanso kuti dzina lachimuna limaphwanya mgwirizano wa mawu umene bungwelo linkati likuteteza, pakuti nduna yachikazi ikakhala ndi pakati, chiganizo chimayamba ndi le ministre n'kuthera pa enceinte, liwu lachikazi.

Nduna yaikulu Laurent Fabius anasaina kalata yolangiza maunduna kugwiritsa ntchito maina achikazi pa 11 Malichi 1986, koma patangopita masiku ochepa chipani chake chinagonja pa chisankho ndipo kalatayo inangogona m'makabati. Édith Cresson, mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya Falansa mu 1991, ankatchedwabe Madame le Premier ministre. Zinthu zinatembenuka mu 1997, pamene amayi angapo a m'boma la Lionel Jospin anaumirira kutchedwa Madame la ministre. Jospin anabwereza langizo lija pa 6 Malichi 1998, ndipo chaka chotsatira boma linatulutsa buku la mndandanda wa maina achikazi a ntchito lotchedwa Femme, j'écris ton nom. Nyuzipepala zinayamba kutsatira, ndipo anthu wamba anazolowera msanga kuposa mmene akatswiri ankaganizira.

Bungwe la Académie linakanabe kwa zaka zina makumi awiri. Linali litalandira mayi woyamba, Marguerite Yourcenar, mu 1980 mokha, ndipo mu 1999 linasankha Hélène Carrère d'Encausse kukhala mlembi wake wamuyaya. Mayiyu anafuna kutchedwa Madame le secrétaire perpétuel, m'chimuna, ndipo anasunga dzinali mpaka imfa yake mu 2023. Choncho kuyambira 2013 panali amayi awiri okhala ndi dzina la mlembi, wina ku Paris wolembedwa ndi le ndi wina ku Gaborone wolembedwa ndi la, ndipo wa ku Gaborone ndi amene ankayenda ndi chiyankhulo cha anthu ambiri. Kuti mkangano unali udakali wamoyo zinaoneka mu Okutobala 2014 m'Nyumba ya Malamulo ya Falansa. Phungu Julien Aubert anaumirira kuitana Sandrine Mazetier, amene ankatsogolera zokambirana, kuti Madame le président, ndipo anadulidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake a uphungu a mwezi umodzi. Pomaliza, pa 28 Febuluwale 2019, bungwe la Académie linavomereza lipoti lonena kuti palibe choletsa chenicheni pa kupanga maina achikazi a ntchito ndi maudindo. Linangovomereza chimene Montréal, Brussels, Geneva ndi maofesi ambiri a mu Afirika anali atachita kale.

Wolemba kalata ya ntchito lero ali ndi njira zochepa zodziwika. Mawu otha ndi -teur ambiri amasanduka -trice, monga directeur ndi directrice, administrateur ndi administratrice. Ena amangolandira e, monga président ndi présidente, adjoint ndi adjointe. Amene amatha kale ndi e, monga ministre, juge ndi secrétaire, amangosintha kaliwu kotsogolera. Pamene pakadali kusagwirizana ndi pa mawu ochepa: ena amalemba auteure ena autrice, ena la chef ena la cheffe, ena la professeur ena la professeure. Pamenepa wolemba wanzeru amayang'ana mmene mwini dzina amasainira makalata ake n'kutsatira zomwezo. Malonje a kalata amatsata dzinalo, monga Madame la Directrice kapena Madame la Secrétaire exécutive, ndipo mawu omwewo ayenera kubwerezedwa m'chiganizo chotsanzikira kumapeto. Liwu lakuti Mademoiselle, limene linkasiyanitsa mayi wosakwatiwa, linachotsedwa pa mafomu a boma la Falansa mu 2012, ndipo m'kalata ya ntchito mayi aliyense ndi Madame.

Nkhondo ya dzina la mayi mmodzi itayamba kuzirala, kunabuka ina ya kaitanidwe ka gulu. Malamulo akale amati m'chipinda mukakhala amayi makumi atatu ndi bambo mmodzi, onsewo amatchulidwa m'chimuna. Ofuna kusintha anapereka njira zitatu. Yoyamba ndi kutchula onse awiri, monga les directrices et les directeurs, zimene sizachilendo kwa anthu ozolowera Mesdames et Messieurs kapena amayi ndi abambo. Yachiwiri ndi kusankha liwu losasonyeza munthu, monga la direction, utsogoleri, kapena le personnel, ogwira ntchito. Yachitatu ndi kupanikiza maina awiri m'liwu limodzi ndi kadontho ka pakati, monga directeur·rice·s. Njira yachitatuyi ndi imene inautsa mkwiyo. Mu Okutobala 2017 bungwe la Académie linati ikuika chiyankhulo pa ngozi ya imfa, ndipo pa 21 Novembala chaka chomwecho nduna yaikulu Édouard Philippe analetsa kalembedwe kotere m'zikalata zosindikizidwa m'gazeti ya boma. Koma kalata yomweyo inalamula kuti dzina la udindo wa mayi wodziwika lilembedwe m'chikazi, ndiponso kuti zolengeza za mwayi wa ntchito zitchule onse awiri, le candidat ou la candidate. Ambiri amasokoneza nkhani ziwirizi n'kumati Falansa inaletsa maina achikazi, pamene inaletsa kadontho kokha. Ku bungwe longa SADC kadonthoka kali ndi vuto linanso: chikalata cha msonkhano chimawerengedwa mokweza ndi kumasuliridwa pakamwa, ndipo liwu lodulidwa ndi timadontho silitchulika.

Patsala malire amodzi amene ngakhale okonda maina achikazi ambiri amawavomereza, ndiwo kusiyanitsa mpando ndi wokhalapo. Lamulo kapena pangano likamafotokoza ntchito za mlembi wamkulu, silinena za munthu wina aliyense, ndipo mwambo wa olemba malamulo a Chifalansa umasiya dzinalo m'chimuna kuti likwanire amene adzabwere. Koma kalata, lipoti la msonkhano ndi chilengezo zimanena za munthu wodziwika, ndipo dzina limatsata iyeyo. Kusiyanaku kunaoneka mu Ogasiti 2021, pamene atsogoleri anakumananso ku Lilongwe n'kusankha Elias Magosi wa ku Botswana kulowa m'malo mwa Dokotala Tax. Zikalata zinabwerera ku le Secrétaire exécutif, ndipo mpandowo unakhala womwewo. Zolakwika zambiri zimabadwa pa nthawi yotereyi, pamene wolemba atenga kalata yakale n'kungosintha dzina la munthu. Njira yozigwirira ndi kutsata chiganizo kuchoka pa kaliwu kotsogolera mpaka pa mneni womaliza, monga mmene mphunzitsi wa Chichewa amagwirira mwana wolemba kuti chipatso zagwa. Pakapezeka la kumayambiriro ndi nommé wopanda e yachiwiri kutsogolo, ndiye kuti ntchito yasinthidwa theka.

Kwa woyankhula Chichewa amene waphunzira Chifalansa kuti akagwire ntchito ku Gaborone, ku Lubumbashi kapena ku Addis Ababa, msampha wake ndi wapadera. Chiyankhulo chake chimalemekeza munthu pomuchulukitsa, kuti a mlembi afika, ndipo sichifunsa ngati ndi mayi kapena bambo. Choncho iye amatenga dzina loyamba limene walipeza m'mtanthauziramawu, limene nthawi zonse ndi lachimuna, n'kuliyesa lokwanira onse ngati mlembi kapena mphunzitsi. Zaka makumi anayi zapitazo akanakhala kumbali ya akatswiri a ku Paris. Lero mayi wolandira kalata yoyamba ndi Madame le Directeur angaone ngati wolembayo anatsalira m'mbuyo, ndipo wolandira Monsieur le Directeur amadziwa kuti wolembayo sanafufuze n'komwe amene akumulembera. Pa 1 Epulo 2024 Judith Suminwa Tuluka anasankhidwa kukhala nduna yaikulu ya Congo, dziko la SADC lokhala ndi anthu ochuluka koposa onse, ndipo boma ndi nyuzipepala za ku Kinshasa zinamutcha la Première ministre kuyambira tsiku loyamba, dzina limene Édith Cresson sanatchedwe nalo ku Paris mu 1991.